Sabata zitatu zimene ndinkati andichita shadobani

Ndimasoka zovala ku Zingwangwa, pa khonde la nyumba yalendi, ndipo makasitomala ambiri amene sindinawaonepo ndi maso amandipeza pa Instagram. Mwezi wa Seputembala ukafika ine sindigona bwino, chifukwa pa 15 Okutobala ndi Tsiku la Anakubala ndipo aliyense amafuna diresi la mayi ake likhale litatha dzulo. Chaka chimene ndikunenachi foni inangoti zii. Mavidiyo ndinkaika monga mwa nthawi zonse, madiresi ake abwinobwino, koma amene ankandilembera anali okhawo amene ndinawasokerapo kale. Mlendo ndi mmodzi yemwe ayi.

Ndinadandaula pa gulu lathu la WhatsApp la amayi ochita geni, ndipo yankho linabwera pasanathe mphindi zisanu: "Asisi, akuchitani shadobani." Ndiye kuti Instagram ikubisa zinthu zanga mwakachetechete osandiuza. Wina anati pali wansanje amene wakhala akunenera akaunti yanga. Wina anati ndisaike kanthu masiku awiri, akaunti ipume. Wina anati ndifufute mahashitagi onse. Panalinso wina amene ananditumizira nambala ya mnyamata amene "amachotsa" shadobani ukamulipira ndi kumupatsa pasiwedi.

Ndinakhulupirira za wansanjeyo, ndisaname. Ndinali nditamusankha kale m'mutu mwanga, telala mnzanga wina amene sanandilakwire chilichonse kupatula kusoka bwino.

Mawu ofanana ndi kulodzedwa

Pano ndikaganiza ndimaona kuti mawu akuti shadobani tinkawagwiritsa ntchito mmene agogo anga ankagwiritsira mawu akuti kulodzedwa. Zinthu zasiya kuyenda, chifukwa chake sichikuoneka, ndiye payenera kukhala dzanja lobisika. Mawuwa amatonthoza chifukwa amachotsa mlandu pa iwe, koma sakuuza choti uchite mawa m'mawa.

Chinthucho chilipo ndithu, kapena ndinene kuti chinalipo m'maonekedwe ake oyambirira. Pa Reddit, tsamba la makambirano pa intaneti, munthu wotumiza zinyalala zotsatsa ankamutsekera mwakachetechete: iye ankalemba n'kumaona zolemba zake bwinobwino, koma wina aliyense sankaziona. Cholinga chinali choti asadziwe kuti wagwidwa, kuopa kuti angangotsegula akaunti ina. Mu Novembala 2015 Reddit inayambitsa njira yoimitsa maakaunti momuuza mwini wake, chifukwa chilango chobisikacho chinkagweranso anthu wamba amene ankatha nthawi yaitali akulankhula okha.

Tanthauzo limeneli ndi lopapatiza, ndipo ndi limene makampani amagwira akamakana. Mu Julaye 2018 Twitter inalemba kuti sichita shadobani, koma inafotokoza mawuwa monga kubisa zolemba za munthu kwa aliyense kupatula iye mwini, iye osadziwa. M'nkhani yomweyo inavomera kuti imasanja zolemba, zina pamwamba zina pansi. Mkulu wa Instagram, Adam Mosseri, nayenso ananena mu 2020 kuti shadobani kulibe. Pamene ife a pa gulu la WhatsApp tikati shadobani timatanthauza china: anthu ondiona achepa ndipo palibe wandiuza chifukwa. Choncho kampani ikati kulibe, ife tikati ilipo, nthawi zambiri tonse tikunena zoona, kungoti tikunena nyama ziwiri zosiyana ndi dzina limodzi.

Lamlungu lija pa khonde

Mwana wa achimwene anga, amene amaphunzira ku koleji kuno ku Blantyre, anabwera kudzatenga siketi yake. Ndinamufotokozera zonse, mpaka za nambala ya mnyamata uja. Anaseka pang'ono kenako anadzigwira.

"Azakhali, pasiwedi musapatse munthu. Tandibwerekani foniyo."

Choyamba sanatsegule foni yanga n'komwe. Anatenga ya mnzake amene anabwera naye, amene sanditsatira, n'kulemba dzina lonse la akaunti yanga posakira. Inatuluka. Anatsegula, mavidiyo onse anali pomwepo, ngakhale ya dzulo lake.

"Mwaona? Simunabisidwe. Amene akukufunani akukupezani. Tsono tione amene sakukufunani."

Ndinamufunsa kuti akutanthauza chiyani, poti ine ndinkaona ngati wandinyoza. Anatsegula Insights pa vidiyo yanga ya mu Ogasiti, ya diresi la chinkhoswe lobiriwira. Inafikira maakaunti pafupifupi 9,000. Pansi pa nambalayo pali kagawidwe kamene ine sindinkakayang'ana: onditsatira anali cha m'ma 1,600, osanditsatira cha m'ma 7,400. Kenako anatsegula vidiyo ya sabata imeneyo. Inafikira maakaunti 1,500. Onditsatira 1,450, osanditsatira 50 okha.

"Azakhali, anthu anu sanachoke. Kuchoka pa 1,600 kufika pa 1,450 si nkhani. Amene asowa ndi alendo, kuchoka pa 7,400 kufika pa 50. Vidiyo ikakhala yosakoma, mbali zonse ziwiri zimatsikira limodzi. Mbali imodzi ikagwa yokha chonchi, ndiye kuti penapake patsekedwa chitseko."

Kenako analowa mu Settings, n'kutsikira pansi kwambiri kumene ine ndinali ndisanafikeko, n'kudina Account Status. Panali mizere ingapo, uliwonse ndi kachizindikiro kake. Wa zinthu zofufutidwa unali wobiriwira. Wa zinthu zimene ndaletsedwa kuchita unali wobiriwira. Koma mzere wonena ngati zinthu zanga zingaonetsedwe kwa anthu osanditsatira unali ndi chenjezo. Titadina, mawu ake anali osapita m'mbali: akaunti yanga siyingaonetsedwe kwa osanditsatira m'malo ngati Explore, Reels ndi mndandanda wa maakaunti amene munthu amauzidwa kuti awatsatire. Pansi pake panali zithunzi ziwiri zosonyeza chimene chachititsa.

Silinali diresi. Anali tiyi wa alamu anga.

Tiyi uja

Kumayambiriro kwa Seputembala alamu anga anayamba geni ya tiyi wochepetsa thupi, ndipo anandipempha kuti ndiwathandize poti ine ndili ndi anthu ambiri. Mlamu sumukanira zotere. Ndinaika zithunzi ziwiri zimene ananditumizira, china cha mayi wa mimba yaikulu kumanzere ndi yaphwa kumanja, ndi mawu olonjeza kuti mafuta asungunuka m'masiku khumi. Ndinaika n'kuiwala.

Apa ndi pamene ndinaphunzira chinthu chimene ndikufuna aliyense wochita geni pa foni achidziwe. Malamulo alipo a mitundu iwiri, osati umodzi. Oyamba ndi onena zimene siziloledwa n'komwe. Ukawaphwanya, chithunzi chimafufutidwa ndipo umalandira uthenga. Achiwiri, amene kampani ya Meta, mwini wa Instagram, inawaika poyera mu 2020 ikadatchedwa Facebook, ndi onena zimene zimaloledwa kukhalapo koma kampaniyo siyifuna kuzitengera yokha kwa anthu amene sanazipemphe. Tiyi uja sanaphwanye oyambawo, n'chifukwa chake sanafufutidwe ndipo ine ndinkaona ngati zonse zili bwino. Anagwa pa achiwiriwa, amene amatchula mwachindunji malonda ozikidwa pa malonjezo a zaumoyo, monga zakumwa zochepetsa thupi, komanso mankhwala amene amati amachiza chilichonse.

Mndandandawo ndinauwerenga usiku womwewo ndipo ndinachita manyazi poona kuti zambiri ndi zimene timachita tsiku ndi tsiku. Mulinso ngongole zakatapira ndi mabizinesi olonjeza phindu lopanda chiopsezo. Muli fodya. Muli zovala zoonekera mkati, chimene telala wosoka za lesi ayenera kuchisamala posankha chithunzi. Muli kupempha anthu kuti adine kapena atchule anzawo pongofuna kukweza manambala, ndi mipikisano yogawa mphatso. Ine ndinali nditakonza kale mpikisano wa chitenje cha Anakubala, woti aliyense atchule anzake atatu. Ndinausiya.

Chinanso n'chakuti chilango cha mtundu umenewu chingagwere chithunzi chimodzi chokha kapena akaunti yonse. Chithunzi chimodzi chikalephera, icho chokha ndi chimene sichitengeredwa kwa alendo. Koma ukabwereza, kapena vuto likakhala pa mawu ofotokoza akaunti yako kapena pa chithunzi cha nkhope ya akaunti, chitseko chimatsekedwa kwa zonse, ndipo diresi losalakwa limalipira mlandu wa tiyi.

Tsambalo linandipatsa njira ziwiri: kukonza kapena kufufuta zithunzizo, apo ayi kudina batani lonena kuti sindikugwirizana ndi chigamulocho kuti achiunikenso. Panalibe choti nditsutse. Ndinafufuta, ndipo alamu anga ndinawauza Lolemba, mozungulira kwambiri. Patapita masiku ochepa mzere uja unabiriwira.

Oitanira

Mmene ndimazimvera tsopano ndi chonchi. Amene amanditsatira ali ngati makasitomala odziwa khonde langa, amabwera okha. Explore ndi Reels ali ngati anyamata oitanira pa siteji ya minibasi ku Limbe, amene amagwira munthu wodutsa n'kumulozera kwa iwe. Tsamba la Account Status limayankha funso limodzi lokha pa nkhani ya alendo: kodi anyamatawo aloledwa kukuitanira kapena ayi? Silinena kuti akukuitanira mokweza bwanji, kapena ngati lero aona kuti minibasi ya mnzako ndi imene ikudzaza msanga.

Tsambali silakale. Linayamba mu 2021 likungosonyeza zimene zafufutidwa ndi ngati akaunti ili pafupi kutsekedwa. Gawo lonena za alendoli linawonjezedwa mu Disembala 2022, poyamba kwa maakaunti a bizinesi ndi a opanga zinthu. Amene ankadandaula chaka chimenecho chisanafike analibe poonera, choncho sindiwaseka kuti anapeka mawu awoawo. Mayina a mizere amasinthasintha malinga ndi nthawi ndi foni, koma mafunso ake ndi omwewo: chafufutidwa n'chiyani, waletsedwa kuchita chiyani, ungaonetsedwe kwa alendo kodi, ungapange ndalama kodi.

Kubiriwira sikudzaza mphika

Nkhani ikanathera apa ikanakoma, koma chimene chinandisokoneza kwambiri chinabwera mu Novembala. Ndinaika vidiyo ya suti ya mkwati imene ndinaivutikira sabata ziwiri. Inafikira maakaunti 2,300 basi. Mtima unagunda, ndinathamangira ku Account Status. Mizere yonse yobiriwira.

Ndinaimbira mwana uja. "Iwe, zayambiranso, koma tsamba lako lija likunama."

"Azakhali, tandiwerengereni kagawidwe kaja."

Onditsatira 900, osanditsatira 1,400.

"Ndiye chitseko chili chotsegula. Alendo 1,400 alowera pati? Ndipo taonani, anthu anu omwe atsika, kuchoka pa 1,600 kufika pa 900. Onani kuti anthu akuionera nthawi yaitali bwanji."

Vidiyoyo inali ya masekondi 48, ndipo anthu ankaionera masekondi anayi kapena asanu n'kudutsa. Nditaionanso ndi maso a mlendo ndinamvetsa. Masekondi khumi oyambirira ndinali ine ndikukonza foni, kupereka moni, kuthokoza Mulungu ndi makasitomala, suti isanaoneke n'komwe. Ya diresi lobiriwira ija inayamba ndi mtsikana akuzungulira, nsalu ikuuluka.

Uku ndi kutsika kwa mtundu wachitatu, ndipo ndi kumene kumagwera anthu ambiri amene amati achitidwa shadobani. Palibe chilango. Vidiyo imaonetsedwa kwa alendo ochepa poyamba, ndipo mmene iwo achitira ndi zimene zimagamula ngati ipite patsogolo. Mosseri yemwe uja anafotokoza mu Januwale 2025 kuti zinthu zitatu zimene zimalemera kwambiri ndi nthawi imene anthu aonera, kuchuluka kwa amene aikonda, ndi kuchuluka kwa amene aitumiza kwa anzawo, ndipo anati kutumizako kumalemerako pang'ono pofikira alendo. Tsamba la Account Status silinena chilichonse pa zimenezi, chifukwa kwa ilo palibe cholakwa chachitika. Kulephera mpikisano si mlandu.

Malo a mdima amene atsala

Sindikufuna kuti muchoke pano mukuganiza kuti kubiriwira kukutanthauza kuti palibe dzanja lililonse pa sikelo. Pakati pa chitseko chotsekedwa ndi mpikisano wamba pali zinthu zimene zimatsitsidwa mwadala koma osatsekedwa. Meta yakhala ikunena poyera kuti ili ndi njira zitatu: kufufuta, kuchepetsa kufalikira, ndi kudziwitsa. Njira yapakatiyo ndi imene imavuta kuiona. Mwachitsanzo, mu 2021 Instagram inanena kuti mavidiyo okhala ndi chidindo cha pulogalamu ina, ngati chija cha TikTok chimene chimadumphadumpha pakona, komanso mavidiyo osaoneka bwino, sadzaonetsedwa kwambiri mu Reels. Ambiri a ife timajambulira ku TikTok, kusunga vidiyo ndi chidindo chake, n'kuiponya ku Instagram kuti tisawononge bandulo kawiri. Vidiyo yotere ikhoza kuyenda mokwawa akaunti yonse ili yobiriwira.

Mu Epulo 2024 analengezanso kuti maakaunti amene amangobwereza zinthu za ena, kakhumi kapena kuposa m'masiku 30 osawonjezerapo kanthu, achotsedwa m'malo oonetsera alendo, ndipo pakakhala mavidiyo awiri ofanana, woyambirira ndi amene adzaonetsedwe. Izi zikukhudza anzanga ogulitsa zovala zoitanitsa kunja, amene zithunzi zawo zonse amatenga kwa ogulitsa pikulitsa. Chaka chomwecho, mu Febuluwale, nkhani zandale zinasiya kutengeredwa kwa alendo pokhapokha munthu atasankha yekha kuziona, ndipo mu Januwale 2025 anasinthanso maganizo. Ndatchula zandalezi osati chifukwa ndimasoka mbendera, koma kuti muone kuti lamulo likhoza kusintha iwe usanasinthe chilichonse.

Kwina nako kuli mawindo ofanana, ena aakulu ena aang'ono. TikTok imatha kukuuza pa vidiyo imodzi kuti siyoyenera kulowa mu For You, malo ake oonetsera alendo, n'kukupatsa mwayi wodandaula. X, imene kale inali Twitter, kuyambira mu Epulo 2023 imamata chizindikiro pa zolemba zina chonena kuti kuoneka kwake kwachepetsedwa. Ku Ulaya kuli lamulo la ntchito za pa intaneti limene limakakamiza makampaniwa kupereka chifukwa akatsitsa zolemba za munthu, osati pofufuta pokha. Konseku chimene chimaoneka ndi chigamulo chokhala ndi dzina, chimene ungachiloze n'kuchitsutsa. Kasanjidwe ka tsiku ndi tsiku, koti ndani akhale pamwamba lero, sikalembedwa pa tsamba lililonse la akaunti yako.

N'chifukwa chake sindinena kwa mnzanga kuti "zili m'mutu mwako." Ndimangomufunsa kuti tione zinthu zitatu motsatana. Kodi munthu wosakutsatira akalemba dzina lako lonse ukutuluka? Kodi Account Status ikuti chiyani pa mzere wa alendo? Nanga pa mavidiyo asanu apitawa, kagawidwe ka otsatira ndi osatsatira kasintha bwanji poyerekeza ndi mwezi watha? Vidiyo imodzi siyikwanira, chifukwa imodzi ikhoza kungogwa tsiku la mvula magetsi atazima theka la tauni.

Mankhwala a pa gulu

Za masiku awiri opuma zija ndinayesa ndisanadziwe za tiyi, ndipo sizinathandize, poti zithunzizo zinali pomwepo zikundidikira. Ndikuganiza kuti mankhwalawa amatchuka chifukwa manambala amakwera ndi kutsika okha. Ukapuma n'kubwera ndi vidiyo yabwino, umathokoza kupumako. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Malangizo amene ndimawaopa kwambiri ndi aja akuti usinthe akaunti ya bizinesi ikhale ya munthu wamba kuti "asakuone." Ukatero umataya Insights, ndiye kuti wadzikolowola diso limene likanakuonetsa kagawidwe kaja. Enanso amagula otsatira kuti akaunti idzuke, osadziwa kuti kugula malaiki kuli pa mndandanda wa zimene zimachititsa akaunti kusaonetsedwa kwa alendo. Ndipo otsatira ogulawo saonera kanthu, choncho nambala ya otsatira imatupa pamene ofikiridwa sakusintha.

Za wansanje uja, kunenera akaunti sikuti kumangoigwetsa chifukwa anenera ndi ambiri; chonenedwacho chimayesedwa ndi malamulo. Kaya alipo amene ananenera tiyi uja kapena makina anamuona okha, tsambalo silitchula, ndipo tiyiyo anali wolephera ndithu mwa njira iliyonse. Telala mnzanga amene ndinamuweruza mumtima ndinakumana naye mu Limbe tikugula ulusi ndi zipi. Anandidandaulira kuti kwa iyenso kwangoti zii, ndipo akuganiza kuti pali amene akumunenera. Tinaima pambali pa shopu, ndinamupempha foni, n'kutsikira pansi mu Settings. Mizere yake yonse inali yobiriwira. Titatsegula mavidiyo ake, iliyonse inali ndi kachidindo kaja ka TikTok kakudumphadumpha pakona.